Kampani ya inshulansi ikamachedwa kulipira imfa ya wokondedwa wanu: ilembereni kalata yofunsa chifukwa ndi tsiku

Maliro akatha, anthu akabalalika, mwini nyumba amabwera kudzafunsa lendi ndipo kusukulu amayamba kubweza ana. Nthawi imeneyi ndi yomwe mayi wamasiye amatulutsa chikalata cha inshulansi ya moyo chomwe malemu ankasunga m'sutikesi, n'kupita nacho ku ofesi ya kampani. Amamulandira bwino, amadzaza mafomu, amasiya mapepala. Kenako imayamba miyezi ya mayankho apakamwa: "Fayilo yanu ikukonzedwa." "Abwana osayina achokapo." "Tikudikira ku likulu." "Mudzayesere sabata yamawa." Ulendo uliwonse ukudya ndalama ya minibasi, foni iliyonse ikudya mayunitsi, ndipo pakutha pa miyezi itatu mayiyo alibe kalikonse m'manja kosonyeza kuti anapitako ngakhale kamodzi.

Vuto lalikulu la mayankho apakamwa ndi limenelo. Sasiya phazi. Kalaliki amene anakuuzani kuti chatsala n'kusayina kokha akhoza kusamutsidwa, ndipo wolowa m'malo mwake adzayamba kukufunsani mapepala omwe munapereka kale. Kumudzi timati kuona maso a nkhono n'kudekha, ndipo pa zambiri mawuwa ndi oona, koma pa nkhani ya inshulansi kudekha kopanda pepala kumangowonjezera masiku. Chofunika n'kusintha nkhaniyo kuchoka pakamwa kupita pa kalata, yofunsa zinthu ziwiri zomwe kampani singazembe mosavuta ikafunsidwa molemba: chifukwa chenicheni chomwe ndalama sizinatuluke, ndi tsiku lomwe idzapereke chigamulo.

Tiyambe takonza maganizo pa chinthu chimodzi, chifukwa chimasintha kalembedwe konse. Ndalama ya inshulansi ya moyo si chipepeso. Chipepeso munthu amapereka mwa kufuna kwake, ndipo wolandira safunsa kuti chachedweranji. Inshulansi ndi pangano: malemu ankalipira mwezi ndi mwezi, kampani inalonjeza kuti akadzamwalira idzapereka ndalama yakutiyakuti kwa munthu wakutiwakuti. Imfa ikachitika motsatira zomwe zili m'panganolo, ndalamayo imasanduka ngongole ya kampani kwa inu. Anthu ambiri amalemba makalata oyamba ndi "chonde ndithandizeni, ana akuvutika", ndipo kuvutikako n'koona, koma kalata yotero imayankhidwa ndi mawu achisoni basi. Kalata yonena za pangano, masiku ndi mapepala imafuna yankho la pangano, masiku ndi mapepala.

M'Malawi muno makampani a inshulansi sagwira ntchito mwachisawawa. Amatenga chiphaso ndipo amayang'aniridwa motsatira lamulo la inshulansi ndi lamulo loyendetsera mabungwe a zachuma la 2010. Woyang'anirayo ndi mkulu wa banki yaikulu ya Reserve, yemwe pa udindo umenewu dzina lake lolemba pa envelopu ndi Registrar of Financial Institutions. Ofesi yake imalandira madandaulo a anthu wamba okhudza mabanki, makampani a inshulansi ndi a penshoni. Koma mukapita kumeneko, funso loyamba lidzakhala lakuti: kodi munayamba mwadandaula ku kampaniyo, ndipo inati chiyani? Ngati yankho lanu ndi lakuti "ndakhala ndikupitako", mwayamba ndi mwendo wofooka. Kalata yomwe tikukambayi ndiye imatsegula khomo limenelo.

Tiyerekeze nkhani imodzi kuti tione mmene zimayendera. Bambo wina woyendetsa galimoto pa kampani ina ku Kanengo anatenga inshulansi ya moyo ya K6,000,000, ndipo K18,000 inkadulidwa pa malipiro ake mwezi uliwonse. Pa fomu analemba mkazi wake kuti ndiye wodzalandira. Bamboyo wamwalira m'chipatala pa 9 Malichi. Pa 2 Epulo mayi apereka ku kampani fomu yofunsira ndalama, kope la chiphaso cha imfa, kope la chitupa cha unzika cha malemu ndi chawo, ndiponso nambala ya akaunti yawo ya kubanki. Pa 24 Epulo aimbiridwa foni kuti pakufunika lipoti la dokotala amene ankathandiza malemu, ndipo alipereka pa 30 Epulo. Lero ndi pa 15 Julayi. Apita ku ofesi kanayi, aimba foni kosawerengeka, ndipo zomwe akumva ndi zakuti fayilo ikukonzedwa.

Asanagwire cholembera, mayiwa akhale pansi ndi kabuku n'kulemba mndandanda wa masiku amenewa monga ndawalembera pamwambapa. Ngati tsiku lina aiwala, ayang'ane m'foni, pakuti mauthenga ndi mafoni omwe anaimba amasonyeza tsiku. Kenako awerenge chikalata cha inshulansi, ngakhale chili m'Chingerezi cholimba ndipo zilembo zake n'zazing'ono. Ngati n'kovuta, mwana wa ku sekondale kapena mphunzitsi woyandikana naye awerenge nawo. Akufunamo zinthu zochepa: nambala ya panganolo, tsiku lomwe linayamba, dzina la wodzalandira, mapepala omwe kampani imati amafunika munthu akamwalira, ndi ndime yonena za imfa zomwe kampani silipira. Zikalata zina zimatchulanso masiku omwe kampani imalonjeza kulipira mapepala akakwana. Ngati chanu chikutchula, ndime imeneyo ndiye mutu wa kalata yanu.

Kalatayo ikhoza kulembedwa m'Chichewa kapena m'Chingerezi, pamanja kapena pa makina, malinga zilembo zioneke bwino. Isapitirire tsamba limodzi ndi theka. Pamwamba pakhale dzina lanu, keyala, nambala ya foni ndi tsiku, ndipo ipite kwa mkulu wa nthambi yolipira ndalama za imfa, kope lina kwa mkulu wa kampani yonse. Ya mayi a m'chitsanzo chathu ingamveke motere:

Wokondedwa Bwana,

KUCHEDWA KWA MALIPIRO A INSHULANSI YA MOYO: dzina la malemu, nambala ya pangano, nambala ya fayilo

Ine ndine mkazi wa malemu amene ndatchula pamwambapa, ndipo ndine amene analembedwa m'pangano kuti ndidzalandire ndalama zokwana K6,000,000. Amuna anga anamwalira pa 9 Malichi chaka chino.

Pa 2 Epulo ndinapereka ku ofesi yanu fomu yofunsira ndalama, kope la chiphaso cha imfa, makope a zitupa za unzika za malemu ndi ine, ndi nambala ya akaunti yanga. Pa 24 Epulo munandiimbira foni kufunsa lipoti la dokotala, ndipo ndinalipereka pa 30 Epulo. Kuchokera tsiku limenelo papita masiku 76. Sindinalandire kalata iliyonse, ndipo palibe pepala lina lomwe mwandifunsa.

Ndikupempha kuti mundiyankhe molemba pa mfundo izi. Choyamba, mutsimikize kuti mapepala onse omwe ndatchulawa muli nawo. Ngati pali lina losowa, mulitchule dzina, ndipo mutchule onse osowa nthawi imodzi. Chachiwiri, mundiuze chifukwa chomwe ndalamazi sizinalipiridwe, ndipo ngati chifukwacho chikuchokera m'pangano, mutchule nambala ya ndime yake. Ngati mukudikira yankho kuchokera ku chipatala, kwa olemba ntchito kapena kwina, mundiuze kuti ndi kuti, munalemba liti, ndipo mukufuna chiyani. Chachitatu, mundiuze tsiku lomwe mudzalipire, kapena lomwe mudzapereke chigamulo chanu chomaliza. Chachinayi, mundipatse dzina ndi udindo wa munthu amene akusunga fayiloyi.

Ndidikira yankho lanu mpaka pa 29 Julayi, omwe ndi masiku 14 kuchokera lero. Likapanda kufika, ndidzapereka dandaulo langa kwa woyang'anira mabungwe a zachuma ku banki ya Reserve, pamodzi ndi kope la kalata ino.

Ine wanu,
dzina ndi siginecha

Mawu ena m'kalatayi ali ndi ntchito yomwe sioneka msanga. Kupempha kuti atchule mapepala onse osowa nthawi imodzi kukutseka njira yomwe imatopetsa anthu ambiri: lero akufuna chiphaso cha imfa, mukabweretsa akufuna kalata ya amfumu, mukabweretsa akufuna chikalata cha ukwati, ndipo pepala lililonse likudya milungu itatu. Nthawi zina sikuti ndi chinyengo. Kungoti fayilo ikudutsa m'manja mwa anthu atatu ndipo aliyense akuona chake chosowa. Koma wolipira kusalongosoka kumeneku ndi inu, ndipo muli ndi ufulu wofuna kuti mndandanda ukhale umodzi.

Kufunsa nambala ya ndime n'kofunika kuposa zonse. Mawu akuti "tikufufuza" alibe malire, akhoza kukhala chaka. Koma munthu akauzidwa kuti alembe ndime yomwe akudalira, amakakamizika kutsegula fayilo n'kuona ngati chifukwa chilipodi. Ngati palibe, fayiloyo inangokhala pansi pa mulu, ndipo kalata yanu yaitulutsa. Ngati chilipo, ndi bwino muchidziwe lero mukadali ndi mpata wosonkhanitsa umboni, kusiyana n'kudzachimva patapita chaka pamene dokotala anasamuka ndipo mapepala a malipiro anatayika.

Za tsiku nazonso musalolere mawu ozungulira. "Posachedwapa", "m'masiku akubwerawa", "zikangotheka" si masiku. Tsiku ndi lomwe mungaloze pa kalendala. Ndiyenera kunena mosabisa kuti masiku 14 omwe ali m'kalatayi ndi malire omwe mwaika inu, si lamulo lomwe mukuwerengera kampani. Ndi nthawi yokwanira kuti ofesi itsegule fayilo n'kulemba tsamba limodzi, ndipo aliyense wodzawerenga nkhaniyi pambuyo pake adzaona kuti simunapupulume. Musalembe kuti "lamulo likuti mulipire pasanathe masiku akutiakuti" pokhapokha mwaona nokha pamene zalembedwa. Mfundo imodzi yabodza imapatsa woyankha poyambira, ndipo amayankha imeneyo n'kusiya zina zonse.

Palinso zosayenera kulowa m'kalata. Musatukwane, musatchule aliyense kuti ndi wakuba, musaopseze zopita ku wailesi. Mkwiyo wanu uli ndi chifukwa, koma kalatayi idzawerengedwa ndi anthu ena omwe sanakulakwireni, mwina ngakhale woweruza, ndipo mukufuna kuti adzaone munthu wodekha amene akudziwa chomwe akufunsa. Chachiwiri, ndipo ichi ndikuchinena motsindika, musalembe mbiri ya matenda a malemu yomwe simunafunsidwe. Mayi wachisoni akhoza kulemba kuti "amuna anga akhala akudwaladwala kwa zaka zambiri" pofuna kusonyeza kuvutika kwa banja, osadziwa kuti chiganizo chimenechi chingawerengedwe ngati umboni wakuti malemu anali wodwala pamene ankatenga inshulansi. Sindikuti mubise choona. Mukafunsidwa funso, yankhani zoona zokhazokha, chifukwa bodza pa fomu yofunsira ndalama likhoza kugwetsa zonse. Koma za matenda ndi masiku ake zinenedwe ndi mapepala a chipatala, osati ndi kukumbukira kwa munthu amene akulira.

Kaperekedwe ka kalata n'kofunika ngati kalembedwe. Pangani makope awiri. Pitani nawo nokha ku ofesi, perekani limodzi, ndipo pemphani wolandira adinde chidindo cha kampani pa linalo, alembe tsiku ndi dzina lake. Kope lodindidwalo ndi lanu. Lijambuleni ndi foni musanatuluke pakhomo. Akakana kudinda, lembani m'kabuku kanu tsiku, nthawi ndi maonekedwe a amene wakana, kenako tumizani kalatayo kudzera ku positi ofesi mwa njira yolembetsa yomwe amakupatsa lisiti, kapena pa imelo ya kampani. Amene ali kutali, ku Chitipa kapena ku Nsanje, kapena mwana wa malemu amene ali ku Joni, imelo ndi yabwino chifukwa imasunga yokha tsiku ndi nthawi. Uthenga wa pa foni kwa ejenti amene anagulitsa inshulansi usakhale njira yanu yokhayo. Ejenti akhoza kuthandiza kukankha, koma amene ali ndi ngongole yanu ndi kampani, ndipo kalata iyenera kufika ku kampani.

Mapepala enieni musasiye. Chiphaso cha imfa chochokera ku ofesi ya kalembera wa dziko, buku la kuchipatala la malemu, chikalata cha ukwati, zonsezi mudzazifunanso ku penshoni, ku banki ndi kwina. Perekani makope otsimikizidwa ndi chidindo cha wovomerezeka kulumbiritsa. Ngati kampani ikuumirira kuona pepala lenileni, ilione inu muli pomwepo, kapena ikulembereni lisiti lotchula pepalalo.

Tsopano tibwerere kwa mayi athu. Pa 27 Julayi yankho lafika, ndipo likuti ndalama za Januwale ndi Febuluwale sizinafike ku kampani, choncho akufufuza ngati pangano linali likugwirabe ntchito pa tsiku la imfa. Nkhani ndi yowawa, komabe tsopano ili ndi mutu ndi miyendo. Kwa miyezi itatu mayiwa ankalimbana ndi chifunga. Lero akudziwa kuti mkangano uli pa K36,000 ya miyezi iwiri.

Apa pofunika kudziwa mmene mapangano amenewa amagwirira ntchito. Munthu akalephera kulipira mwezi umodzi, pangano silifa tsiku lomwelo. Pamakhala masiku achisomo, kawirikawiri pafupifupi mwezi, ndipo chiwerengero chake chimalembedwa m'chikalata. Munthu akamwalira mkati mwa masiku amenewo, kampani imalipira n'kuchotsapo ndalama yomwe inatsalira. Mapangano ena omwe amasunganso ndalama, akakhala kuti atha zaka zingapo, amakhala ndi ndime yakuti ndalama yosungidwayo izilipirira miyezi yophonyedwa, kapena kuti pangano lipitirire pa mtengo wochepa. Zonsezi zimadalira mawu a chikalata chanu, n'chifukwa chake tinayamba n'kuchiwerenga.

Mayiwa afufuza m'sutikesi muja ndipo apeza mapepala a malipiro a malemu. A Januwale ndi a Febuluwale onse akusonyeza kuti K18,000 inadulidwa. Ndiye kuti malemu sanaphonye; ndalama inachoka m'thumba mwawo koma inaima panjira, pakati pa olemba ntchito ndi kampani ya inshulansi. Zoterezi zimachitika: akauntanti anachedwa kutumiza, kapena anatumiza ndalama ya antchito onse pamodzi popanda mndandanda wa mayina, ndipo kampani ya inshulansi inaisunga osadziwa kuti ndi ya yani. Mayi alembe makalata awiri tsiku limodzi. Yoyamba kwa olemba ntchito, kupempha umboni wolembedwa wa tsiku lomwe ndalama za miyezi iwiriyo zinatumizidwa ndi nambala ya malipirowo. Yachiwiri ku kampani ya inshulansi, yokhala ndi makope a mapepala a malipiro, yofunsa zinthu zitatu: mndandanda wa ndalama zonse zomwe kampani inalandira kuyambira pamene pangano linayamba, kope la chidziwitso chilichonse chomwe inatumizira malemu chowauza kuti ndalama sizikufika, ndi mgwirizano womwe ulipo pakati pa kampaniyo ndi olemba ntchito pa kadulidwe ka ndalamazi. Funso lachitatuli lili ndi kulemera kwake. Ngati olemba ntchito ankatolera ndalama m'malo mwa kampani ya inshulansi, pali mfundo yamphamvu yakuti malemu analipira pamene ndalama inadulidwa. Ngati ankangotumizira wantchito wawo, mlandu ukhoza kugwera olemba ntchitowo. Sindingalonjeze kuti mayi apambana pa kalata yachiwiriyi, koma kulikonse kumene nkhani ingapite, umboni wakuti ndalama inadulidwa uli m'manja mwawo, ndipo wina mwa awiriwo ayenera kuyankhapo.

Yankho likanatha kubwera ndi chifukwa china. Chofala kwambiri, makamaka munthu akamwalira pangano lisanakhalitse, ndi chakuti malemu sanaulule matenda pamene ankadzaza fomu yolowera. Inshulansi imayendera kukhulupirika: wolowa ayenera kunena zoona pa zomwe zingasinthe maganizo a kampani pomulandira kapena pomuikira mtengo. Choncho kampani ili ndi ufulu wofufuza. Koma inunso muli ndi mafunso oyenera. Pemphani kope la fomu yomwe malemu anasayina. Funsani kuti ndi funso liti lomwe akuti linayankhidwa molakwa, ndipo ndi pepala liti la chipatala, la tsiku liti, lomwe likusonyeza kuti malemu ankadziwa za matendawo asanasayine. Tsiku ndilo limadula mlandu. Munthu amene anapezeka ndi matenda a shuga patatha chaka atalowa inshulansi sanabise kanthu. Onaninso zolemba za pa fomuyo: nthawi zambiri amadzaza ndi ejenti, wolowa n'kungosayina, ndipo ngati mukudziwa kuti zinatero, nenani m'kalata yanu.

Zifukwa zina n'zosavuta. Dzina la pa chitupa cha unzika likhoza kusiyana ndi la pa pangano, mwina chilembo chimodzi, mwina malemu ankagwiritsa ntchito dzina la mfunda kuntchito ndi la bambo awo kwina. Zimenezi zimakonzedwa ndi chikalata cholumbira. Imfa ya pangozi kapena yadzidzidzi imafuna lipoti la apolisi, nthawi zina ndi la kupima thupi. Mapangano ena, makamaka a maliro, ali ndi miyezi yodikira poyamba, ndipo ambiri salipira imfa yodzipha ikachitika m'nyengo yoyambirira yomwe chikalata chimatchula. Pa chilichonse mwa izi, funsani ndime, werengani nokha, yerekezani ndi masiku.

Pali kuchedwa kwina komwe gwero lake lili m'banja. Ngati malemu sanalembe wodzalandira, kapena amene analembedwa anamwalira kale, ndalama kawirikawiri zimalowa m'chuma cha masiye, chomwe chimagawidwa motsatira lamulo la chuma cha masiye la 2011. Pamenepo kampani idzafuna chikalata cha khoti chosonyeza amene wapatsidwa mphamvu yoyendetsa chumacho, kapena kalata yochokera ku ofesi ya boma yoyang'anira chuma cha masiye, ndipo wolemba kalata yofunsa tsiku akhale munthu ameneyo. Zimachitikanso kuti achibale a mwamuna apita mwakachetechete kukauza kampani kuti isalipire mkazi. Kampani ikalandira zotero imaima, poopa kulipira munthu wolakwika. Ngati mukukayikira kuti ndi zomwe zachitika, onjezani chiganizo chimodzi m'kalata: "Ngati pali munthu wina amene wabwera kudzafunsa ndalama zomwezi kapena kutsutsa kuti ndilandire, mundidziwitse molemba." Lamulo la 2011 lija limaletsa kulanda chuma cha masiye, ndipo wolanda akhoza kuimbidwa mlandu.

Mabanja ambiri sadziwa kuti pakhoza kukhala inshulansi ina yomwe malemu sanatenge okha. Lamulo la penshoni la 2011 linalamula olemba ntchito kutengera antchito awo inshulansi ya moyo yosachepera malipiro a chaka chimodzi. Pa inshulansi yotere mwini pangano ndi wolemba ntchito, ndipo fomu imadutsa mu ofesi yoona za antchito. Kuchedwa kwake nthawi zambiri kumayambira pomwepo: banja likuganiza kuti kampani ya inshulansi ikuzengereza, pamene fomu sinachoke m'kabati ya kuntchito. Kalata yanu ipite kwa onse awiri, ndipo funso loyamba kwa olemba ntchito likhale lakuti: munatumiza liti fomu, ku kampani iti, ndipo nambala ya fayilo ndi chiyani? Chimodzimodzi ngati malemu anali ndi ngongole ya kubanki: ngongole zambiri zimakhala ndi inshulansi yoti wobwereka akamwalira yotsalayo ithe. Funsani banki molemba musanayambe kubweza ndi ndalama za ana.

Nanga 29 Julayi ikadutsa kuli zii? Chitani zomwe munanena. Kalata yoopseza yomwe siitsatiridwa imaphunzitsa ofesi kuti mawu anu alibe mano. Lembani dandaulo lalifupi kwa woyang'anira mabungwe a zachuma ku banki ya Reserve, yomwe likulu lake lili ku Lilongwe ndipo ili ndi nthambi ku Blantyre ndi ku Mzuzu. Fotokozani kuti ndinu ndani, kampani ndi iti, nambala ya pangano, mndandanda wa masiku uja, ndi chomwe mukufuna kuti chichitike. Phatikizani kope lodindidwa la kalata yanu, chikalata cha inshulansi, chiphaso cha imfa ndi yankho lililonse lomwe munalandira. Tumizani kope la dandauloli ku kampani kuti idziwe kuti nkhani yakwera. Chitaninso chimodzimodzi ngati yankho labwera koma ndi lozungulira, kapena ngati akana kulipira pa chifukwa chomwe inu mukuona kuti sichikugwirizana ndi chikalata.

Khoti ndi khomo lomaliza, ndipo lili ndi nthawi yake. Mlandu wa pangano m'Malawi uyenera kuyambitsidwa pasanathe zaka 6 kuchokera pamene ufulu wosuma unayamba, ndipo chikalata chanu chikhoza kukhala ndi malire ena aafupi, monga a nthawi yodziwitsira kampani za imfa kapena yotsutsira chigamulo. Musaganize kuti kulemberana makalata kumaimitsa wotchi imeneyi. Nkhani ikafika pokanidwa molemba ndipo ndalama ndi yochuluka, onanani ndi loya. Amene alibe ndalama apite ku bungwe la boma lothandiza anthu pa milandu la Legal Aid Bureau. Loya adzakuuzaninso ngati mungafunse chiwongoladzanja pa nthawi yomwe ndalama inachedwa, nkhani yosachepa masiku ano pamene K6,000,000 ya mu Malichi sigula zomwezo mu Disembala.

Tsiku lolipira likafika, adzakupatsani pepala loti musayine kuvomereza kuti mwalandira. Liwerengeni musanasayine, chifukwa kawirikawiri limanena kuti ndalamayo ndi yonse ndipo simudzafunsanso kanthu. Yerekezani chiwerengero chake ndi cha m'chikalata. Mayi athu akapeza K5,964,000, masamu akumveka: achotsa K36,000 ya miyezi iwiri ija, ndipo imeneyo akaifunse kwa olemba ntchito omwe anaidula. Akapeza K4,500,000, asasayine tsiku limenelo. Apemphe pepala losonyeza chilichonse chomwe chachotsedwa ndi ndime yololeza kuchotsako, apite nalo kunyumba, ndipo ngati akufunikira ndalama mwachangu, alembe kupempha kuti kampani ilipire gawo lomwe sakutsutsana, pa lisiti lonena momveka kuti ndi gawo chabe ndipo K1,500,000 yotsalayo ikadali pa zokambirana.